Akatuluka M'chipatala: Kalata kwa Banja la Wodwala Sitiroko

Tsiku lotulutsa wodwala sitiroko m'chipatala limakhala la piringupiringu. Gadiyani akumanga katundu, wina akusaka galimoto, wina ali pamzere wolandira mankhwala, ndipo namwino amakhala ndi mphindi zochepa zoti afotokoze zinthu zimene banja lidzachite kwa zaka. Zambiri zimaiwalika asanafike n'komwe kudepoti. N'chifukwa chake ine, monga namwino, ndimakonda kulemba malangizo papepala. Kalata ili m'munsiyi ndi ya banja la bambo wina wachikulire amene anafa dzanja ndi mwendo wa kumanja, kulankhula n'kumavutanso. Tsiku limene anafika, bipi yawo inali 190/110. Mayina ndachotsamo, koma zimene zili m'menemo zikukhudza makomo ambiri.

Okondedwa mayi ndi ana nonse,

Ndiyambe ndi zimene zinawachitikira bambo, chifukwa mukazimvetsa, zotsalazo sizivuta. Ubongo umadalira magazi obwera kudzera m'mitsempha. Magazi akamathamanga kwambiri kwa zaka, mitsempha ija imalimba ndi kuchepa m'kati, kenako tsiku lina umodzi umatsekeka kapena kuphulika. Mbali ya ubongo imene yasowa magaziyo imawonongeka. Kwa bambo, adokotala anapeza kuti mtsempha unatsekeka kumanzere kwa ubongo. Mbali ya kumanzereyo ndi imene imayendetsa dzanja ndi mwendo wa kumanja, ndipo mwa anthu ambiri ndiyonso imayang'anira kulankhula. Choncho musadabwe kuti mawu akuwasowa. Nzeru zawo zilipo, akumva, ndipo muzilankhula nawo monga bambo a pakhomo, osati ngati mwana.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi sitiroko yachiwiri. Munthu amene wadwalapo kamodzi amakhala pachiopsezo chodwalanso, makamaka miyezi yoyambirira, ndipo chinthu chachikulu chimene chimachepetsa chiopsezocho ndi kusunga bipi pansi. Vuto lake n'lakuti bipi yokwera nthawi zambiri siimveka m'thupi. Munthu amatha kudya bwino, kuseka ndi alendo, mutu osawawa, magazi akuthamanga pa 170. Mukadikira kuti adandaule kaye ndiye muwapatse mankhwala, mwachedwa.

Tawapatsa mankhwala atatu. Amulodipini wa mamiligalamu 10 amamasula mitsempha kuti magazi aziyenda mosapanikizika, ndipo amwe piritsi limodzi patsiku. Lachiwiri ndi piritsi laling'ono lokodzetsa, limene limachotsa mchere ndi madzi owonjezera m'thupi. Limeneli azimwa m'mawa, chifukwa mukawapatsa madzulo mudzakhalira kuwadzutsa usiku wonse, ndipo kugwa kwambiri kumachitika mumdima popita kukataya madzi. Lachitatu ndi asipirini wa mamiligalamu 75, woletsa magazi kuundana m'mitsempha. Asipiriniyu tawapatsa chifukwa mtsempha wawo unachita kutsekeka. Kwa munthu amene mtsempha unaphulika, asipirini angathe kuwonjezera kutaya magazi mu ubongo, choncho musagawireko mnansi amene wadwala zofanana ndi izi, ngakhale zizindikiro zikhale zimodzimodzi.

Apa ndi pamene mabanja ambiri amapunthwa, ndipo ndikupemphani muwerenge kawiri. Pakapita mwezi umodzi kapena iwiri mudzawayeza n'kupeza 130/80. Aliyense adzasangalala, ndipo wina adzanena kuti bipi yatha, mankhwala asiye. Ayi mayi, siinathe. Yatsika chifukwa mankhwala akugwira ntchito, ndipo akangosiya idzakweranso pasanapite nthawi, mwakachetechete. Mankhwalawa sali ngati a malungo amene munthu amamaliza masiku atatu. Ndi a tsiku lililonse, ndipo kwa anthu ambiri ndi a moyo wonse. Sindikuletsani kupemphera, inenso ndimapemphera, koma amene angakuuzeni kuti mutaye mapiritsi posonyeza chikhulupiriro sadzakhalapo tsiku lowanyamula bambo.

Anthu ena sasiya dala, mankhwala amangowathera. Muziwerenga mapiritsi sabata iliyonse, ndipo akatsala a masiku 7 yambani kukonza ulendo wa kuchipatala. Nthawi zina mudzapeza kuti mtundu wina kulibe. Musabwerere chimanjamanja: funsani adokotala ngati pali wina wolowa m'malo, kapena akulembereni kuti mukagule kufamase. Ndalama zimene abale akutali amatumiza zothandizira matenda, gawo loyamba lizipita kumeneku. Akaiwala kumwa m'mawa, n'kukumbukira masana, amwe. Mukakumbukira tsiku lotsatira, amwe la tsikulo basi, osaphatikiza awiri.

Mankhwalawa ali ndi zovuta zake zing'onozing'ono. Amulodipini amatupitsa akakolo kwa anthu ena. Mukaona zimenezi kanenani kuchipatala, asasiye okha. Akamadzuka mofulumira akhozanso kumva chizungulire, choncho azikhala kaye m'mphepete mwa bedi miyendo ili pansi, kenako n'kuimirira wina atawagwira. Thupi likamaphwanya apatseni panado. Bulufeni, indosidi ndi daikilofenaki amene amagulitsidwa m'magolosale amakweza bipi, amavutitsa impso, ndipo akakumana ndi asipirini amatha kuyambitsa zilonda za m'mimba. Chimbudzi chikakhala chakuda bii ngati phula la pamsewu, ndiye kuti magazi akutuluka m'mimba, pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo.

Ngati mungakwanitse kugula kamakina koyezera bipi, gulani kovala pamkono, osati pamfundo ya dzanja. Ngati simungathe, muziyezetsa kuchipatala chaching'ono chapafupi. Kuyeza kuli ndi kachitidwe kake. Bambo akhale pampando atatsamira kwa mphindi 5, mapazi ali pansi, atataya kale madzi, osalankhula. Muyeze mkono wamphamvuwo, wa kumanzere, utagona patebulo molingana ndi mtima. Yezani kawiri, pakati pakhale mphindi imodzi, ndipo lembani m'kope manambala onse pamodzi ndi tsiku. Cholinga chathu n'chakuti bipi ikhale pansi pa 140/90, ndipo ikamayandikira 130/80 popanda chizungulire ndiye bwino kwambiri.

Tiyerekeze kuti Lolemba mwapeza 166/98, ndipo patapita mphindi mwapeza 162/96. Musachite mantha, ndipo musawonjezere piritsi. Dzifunseni kaye: kodi dzulo anamwa mankhwala? Kodi anagona bwino, kapena pali pamene pakuwawa? Yezaninso Lachiwiri ndi Lachitatu. Ikakhalabe pamwamba pa 140/90 masiku onsewo, tengani kope lija ndi buku lawo la kuchipatala mupite sabata yomweyo, adokotala ndiwo asinthe mlingo. Koma ikafika 180/120, kapena kupitirira, musadikire mawa. Ndipo kaya makina akuti chiyani, mukaona kamwa yapotoka mwatsopano, dzanja kapena mwendo wafookeratu kuposa kale, mawu asokonekera, mutu ukuwawa koopsa, akusanza, akukomoka kapena akungogona osadzutsika, pezani galimoto nthawi yomweyo. Musawamwetse kanthu, ngakhale madzi. Zizindikirozo zikatha zokha patapita mphindi zochepa, pitanibe, chifukwa limenelo ndi chenjezo.

Tsopano za mchere. Bungwe loona za umoyo padziko lonse limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 patsiku, pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera wonse wa m'zakudya zonse. Kambale ka mchere kachoke pamphasa podyera. Koma wambiri umabisala: m'nsomba zouma zothira mchere, m'timakiyubu tokometsera ndiwo, m'soseji, m'tchipisi cha pachiwaya, ndiponso mu soda amene timathira m'therere ndi m'chigwada. Nsomba zamchere muziziviika kaye m'madzi n'kutaya madziwo. Ndiwo zikometseni ndi tomato, anyezi, adyo ndi nsinjiro. Langizo langa n'lakuti musawaphikire mphika wawokha. Wodwala amene akudya ndiwo zozizira pamene ena akudya zokoma amayamba kukana chakudya kapena kupempha adzukulu kuti amubere mchere. Chepetsani m'mphika wa banja lonse. Lilime limazolowera pakapita masabata angapo, ndipo ana a bambo amene ali ndi bipi nawonso ali pachiopsezo. Nonse akuluakulu mukayezetse. Fodya, kaya wosuta kaya wofwenkha, asiyiretu, mowanso chimodzimodzi.

Podya pafunika maso. Sitiroko imafooketsa minofu yomezera, ndipo chakudya chikalowera kumapapo chimayambitsa chibayo, chimene chimapha odwala ambiri otere. Musawadyetse atagona. Akhale tsonga, mutu utaweramira pang'ono kutsogolo. Apatseni pang'onopang'ono ndi supuni yaing'ono, ndipo dikirani ameze musanapereke ina. Phala lolimbirako, nthochi yokanya kapena mbatata yophwanya zimamezeka bwino kuposa madzi ndi tiyi, zimene zimathamangira kukhosi. Akamatsokomola pomeza, kapena mawu akamamveka ngati muli madzi pakhosi, imani kaye, ndipo mukatiuze. Akamaliza yang'anani m'tsaya la kumanja, chifukwa chakudya chimatsalira mmenemo iwo osadziwa. Atsukeni m'kamwa, ndipo akhalebe tsonga kwa mphindi 30. Kutentha thupi ndi kupuma mofulumira ndi zizindikiro zoti chibayo chayamba.

Pamene sakutha kudzitembenuza, muziwatembenuza maola awiri alionse, ndipo usiku muzisinthana kuti mayi nawonso azigona. Tsiku lililonse powasambitsa yang'anani pamwamba pa matako, m'mbali mwa chiuno, zidendene ndi mapewa. Pakhungu lakuda chilonda sichiyamba ndi kufiira koonekera. Malowo amada kuposa pozungulira, amatentha, amalimba kapena kunyezimira. Mukapeza potero musapatikite, ingoonetsetsani kuti sakugonerapo, ndipo ikani pilo pansi pa akatumba kuti zidendene zilendewere. Zofunda zonyowa ndi mkodzo zisinthidwe msanga.

Powadzutsa musakoke dzanja lofookalo. Minofu yogwira phewa yafooka, ndipo mukalikoka limaguluka n'kumawawa kwa miyezi. Agwireni m'chiuno ndi kumsana, ndipo akakhala pansi dzanjalo ligone papilo. Kawiri kapena katatu patsiku pindani ndi kuwongola zala, chigongono ndi bondo mofatsa, osafika powawa. Chimene angathe kuchita okha, monga kusamba kumaso kapena kugwira kapu, asiyeni achite ngakhale zitenge nthawi. Kusintha kwakukulu kumaoneka m'miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi yoyamba, choncho mafizo asachedwe. Funsani ku chipatala cha boma cha m'boma lanu, ndipo ku Blantyre kuli malo a Kachere ophunzitsirako odwala kuyendanso ndi kugwiritsa ntchito ziwalo.

Mudzaonanso kuti nthawi zina akulira popanda chifukwa, kapena akupsa mtima msanga. Matendawa amatero, sikuti akukuderani. Koma akamakana kudya, kukana mankhwala ndi kungoyang'ana kukhoma masiku ambiri, kumeneko kungakhale kukhumudwa kofunika chithandizo, ndipo mutiuze. Pobwera kudzaonana ndi adokotala pa tsiku limene talemba m'buku, mutenge kope la bipi ndi mapaketi onse a mankhwala, ngakhale opanda kanthu, pamodzi ndi china chilichonse chimene akumwa, cha kwa asing'anga chomwe, kuti tione ngati sizikulimbana.

Ndine namwino wanu wa ku wodi.