Malire obisika pakati pa "pang'ono" ndi "kwambiri"

Wofufuza akafika pakhomo ndi pepala la mafunso, funso la kukhutira silisowa. Akafukufuku a Afrobarometer, amene amayendanso m'midzi ndi m'matauni a ku Malawi, amafunsa anthu mmene akukhutirira ndi demokalase: ayi ngakhale pang'ono, osati kwenikweni, ndithu, kapena kwambiri. Mayankho otere ali ndi mtsogoleri ndi wotsalira, koma palibe amene anayeza mtunda wapakati pawo. Kulemba 1, 2, 3, 4 n'kupeza avereji kumatanthauza kuti masitepe onse ndi ofanana kutalika, zimene woyankhayo sananene.

Njira imene akatswiri a masamu a kafukufuku amagwiritsa ntchito pa mayankho otere imatchedwa odadi lojiti, ndipo anaifotokoza mwatsatanetsatane ndi Peter McCullagh mu 1980. Maganizo ake ndi akuti mumtima mwa woyankha muli mlingo wa kukhutira umene suoneka, ndipo pa mlingowo pali malire amene amaugawa m'magulu. Zili ngati mayeso a kusukulu pamene malikisi abisidwa, nkuoneka magiredi okha: wophunzira amene malikisi ake adutsa mzere wina amalowa giredi yapamwamba. Kusiyana kwake ndi kwakuti pa kafukufuku mizereyo palibe anailemba, ndiye kompyuta imaiyerekeza kuchokera pa mayankho enieniwo. Magulu akakhala atatu malire amakhala awiri. Akakhala asanu, malire ndi anayi.

Chitsanzo chodziwika bwino chinachokera ku Copenhagen, likulu la Denmark, pa kafukufuku amene M. Madsen anasindikiza mu 1976. Anthu 1,681 okhala m'nyumba za lendi anafunsidwa za kukhutira kwawo ndi nyumbazo. Anthu 567 anali okhutira pang'ono, 446 pakatikati, ndipo 668 kwambiri. Anafunsidwanso ngati amaona kuti mawu awo amamveka pa kayendetsedwe ka nyumbazo, mtundu wa nyumba imene akukhalamo, komanso ngati amachezerana ndi anzawo oyandikana nawo. Ziwerengerozi zili kale mu pulogalamu yaulere ya R, moti aliyense angayesere yekha:

```
library(MASS)
polr(Sat ~ Infl + Type + Cont, weights = Freq, data = housing)
```

Pansi pa zotsatira pamatuluka manambala awiri: `Low|Medium` ndi -0.50, `Medium|High` ndi 0.69. Awa ndiwo malire aja. Ambiri amangowalumpha, ena amawamasulira molakwika. Chizindikiro chochotsera pa -0.50 sichikunena kuti anthu a ku Copenhagen ndi odandaula, ndipo 0.69 si 69 peresenti.

Kuti manambalawa amveke, funso loyamba ndi lakuti ziro ali pati. Pa mlingo wobisikawo, ziro ndi malo a gulu limene ena onse akuyerekezedwa nalo. Pano gululo ndi la anthu okhala m'nsanjika zazitali, amene mawu awo samveka ndipo sachezerana kwambiri ndi anzawo. Munthu wina aliyense amasuntha kuchoka pa ziro malinga ndi mmene alili. Amene mawu ake amamveka kwambiri amakwera ndi 1.29, wocheza kwambiri ndi anzake amakwera ndi 0.36, pamene wokhala m'nyumba za mdadada amatsika ndi 1.09. Anthu ofanana pa zonsezi sakhala pamalo amodzi ndendende, amamwazikana mozungulira malowo, choncho chimene njirayi imapereka ndi gawo la anthu ogwera mbali iyi kapena iyo ya malire. Gawolo limapezeka motere, pamene `c` ndi malire ndipo `x` ndi malo a gululo:

```
1 / (1 + exp(-(c - x)))
```

Kwa gulu la pa ziro, malire oyamba akupereka 0.38, kutanthauza kuti anthu 38 pa 100 alionse akuyembekezeka kunena kuti akukhutira pang'ono. Malire achiwiri akupereka 0.67, koma apa mpofunika kusamala, chifukwa nambala imeneyi yaphatikiza onse amene ali pansi pa malirewo, a pang'ono ndi apakatikati omwe. Kuchotsa 38 pa 67 kumasiya 29 apakatikati, ndipo otsala 33 ndiwo okhutira kwambiri.

Tsopano nyumba ikhale yomweyo, kachezedwe komweko, koma mawu a anthuwo azimveka kwambiri. Malire sasuntha; gulu ndilo lasamukira pa 1.29, kupitirira malire onse awiri. Okhutira pang'ono atsika kufika 14 pa 100, apakatikati ndi 21, ndipo okhutira kwambiri akwera kuchoka pa 33 kufika 65. Kwa woyang'anira nyumba, chiganizo chimenechi chili ndi ntchito kuposa 1.29 payekha, ndipo sichingatuluke popanda malire aja.

Umboni wakuti nambala ya malire payokha ilibe uthenga ndi wosavuta kuupeza. Wofufuza akasankha kuti ziro akhale anthu a m'midadada, malire aja amasanduka 0.59 ndi 1.78, pamene palibe yankho la munthu ngakhale mmodzi limene lasintha. Pachifukwa chomwechi, kuyesa ngati malire akusiyana ndi ziro, kapena kuwaikira tinyenyezi m'lipoti ngati chinthu chachikulu chimene chapezeka, n'kungotaya inki.

Chimene sichisintha ndi mtunda wapakati pa malire awiriwo, pafupifupi 1.19. Mtundawu ndiwo kukula kwa gulu la "pakatikati" pa mlingo wobisika. Ku Copenhagen ukutanthauza kuti, gulu la anthu likhale paliponse, njirayi siingaike oposa 29 pa 100 pakatikati. Malire awiri akayandikana kwambiri, ndiye kuti ndi anthu ochepa amene amasankha yankho lapakati pawo, ndipo wokonza mafunso ayenera kudzifunsa ngati yankholo likumveka losiyana ndi anzake m'makutu mwa oyankha. Pepala la magulu asanu limene malire ake ali, mwachitsanzo, -2, -1.8, 0.5 ndi 3 likuonetsa poyera kuti masitepe sali ofanana, ndipo avereji ya 1 mpaka 5 ikanabisa zimenezi.

Mapulogalamu nawo amasokoneza. Mu Stata, lamulo la `ologit` limalemba malire ngati `/cut1` ndi `/cut2`, ndipo limatsata kawerengedwe kofanana ndi ka `polr`. Mu SAS, `PROC LOGISTIC` ikasiyidwa mmene ilili imaphatikiza m'malo mochotsa, ndiye 1.29 uja amatuluka -1.29. Amene sanaone kaye fomula ya pulogalamu yake angalembe kuti kumvedwa kumachepetsa kukhutira.

Cholemera kuposa zonse ndi chimene njirayi imangovomereza isanaone mayankho: kuti malire ndi amodzimodzi kwa aliyense, ndipo chinthu ngati kumveka kwa mawu chimakankha mofanana pa malire onse. Nthawi zina sizikhala choncho. Kukonza denga lodontha kungachotse munthu pa kudandaula popanda kumufikitsa pa kukhutira kwambiri. Komanso gulu lina la anthu likhoza kupewa mawu akuti "sindikukhutira" pamaso pa mlendo chifukwa cha ulemu, kutanthauza kuti malire awo oyamba ali pansi kuposa a ena. Kompyuta ikakakamizidwa kupereka malire amodzi, idzalemba kuti anthuwa ndi okhutira kwambiri, pamene chosiyana ndi kayankhidwe chabe. Vutoli limakula mafunso akamasuliridwa m'zilankhulo zingapo, kapena poyerekeza maiko.

Mbali yoyamba ya vutoli imayesedwa. Wofufuza amadula mayankho pawiri pa malire alionse payokha, pang'ono kulimbana ndi ena onse, kenako kwambiri kulimbana ndi ena onse, n'kuona ngati manambala ngati 1.29 akutuluka ofanana mbali zonse. Mayeso a Brant a mu 1990 amachita zimenezi, ngakhale kuti oyankha akakhala masauzande ambiri amadandaula ndi kusiyana kochepa kopanda ntchito. Kusiyana kukakhala kwakukulu, pali mtundu wina wa njirayi umene umalola chinthu chovutacho kukhala ndi mphamvu yakeyake pa malire alionse. Za ulemu ndi kayankhidwe, funso limodzi la kukhutira silingazisiyanitse ndi kukhutira kwenikweni. Pamafunika mafunso owonjezera, monga kupatsa oyankha onse nkhani yofanana ya munthu wongopeka n'kuwapempha anene ngati munthuyo ndi wokhutira pang'ono, pakatikati kapena kwambiri.