Paketi ya Tchipisi Yosabwezeka

Mukang'amba paketi ya tchipisi, m'kati mumanyezimira ngati siliva. Pepalalo limaoneka limodzi, koma ndi mapepala angapo omatidwa pamodzi. Kunja kuli pulasitiki yosindikizapo dzina, pakati pali ina yokutidwa ndi aluminiyamu wopyapyala zedi wotchinga mpweya, chinyezi ndi kuwala, ndipo m'kati muli yomwe imasungunuka pomata kukamwa kwa paketi.

Vuto limabwera tchipisi zikatha. Pulasitiki zosiyana zimasungunuka pa kutentha kosiyana: PE imasungunuka isanafike madigiri 140, pomwe PET imafuna pafupifupi 250. Mukazisungunula pamodzi mumapeza phala lamibulu, losalimba, lomwe mafakitale ambiri sangaligule. Kuzimatula nakonso n'kodula kuposa pulasitikiyo. N'chifukwa chake otola zinyalala amathamangira mabotolo n'kusiya mapaketi.

Okonza mapaketi ayamba kupanga zigawo zonse ndi pulasitiki ya mtundu umodzi, monga PE yokhayokha. Chigawo chakunja amachikoka pamakina kuti chilimbe, ndipo chotchinga mpweya amachipyapyaza kwambiri kuti chisaipitse pulasitiki ikamasungunulidwanso.

Komatu zaulere palibe. Popeza kunja ndi m'kati zimasungunuka pa kutentha koyandikana, zitsulo zomatira zikatenthetsa pang'ono paketi imakwinyika, zikazizira imatsala yoboola. Paketi yophwa pashelefu, kapena tchipisi zofewa ndi zonunkha mafuta tsiku lisanakwane, zimasonyeza kuti mpweya walowa. Nthawi zina pepalalo limafunika kulikhuthalitsa, choncho pulasitiki imachuluka m'malo mochepa.