Inshuwalansi yomwe anakumatirani pa ngongole: ingachotsedwe bwanji?

Ambiri akamasayina ngongole ku kabungwe kobwereketsa ndalama, kapena akamatenga firiji yolipira pang'onopang'ono kusitolo, maso amakhala pa ndalama yodulidwa mwezi ndi mwezi. Kamzere ka inshuwalansi amakadumpha. Ntchito ya inshuwalansiyi ndi kumaliza ngongole yotsala wobwereka akamwalira kapena akalumala mpaka kulephera kugwira ntchito, ndipo ina imathandizanso munthu akachotsedwa ntchito. Si chinthu choipa. Choipa n'kuilipira osauzidwa, pa mtengo wokwera, pomwe mwina muli kale ndi ina.

Tiyerekeze mphunzitsi amene wabwereka K500,000 yobweza pa miyezi 12. Inshuwalansi amuwerengera K15,000 yolipira kamodzi, koma aiphatikiza ku ngongole, ndiye pa pepala palembedwa K515,000. Ngati chiwongoladzanja ndi K4 pa K100 iliyonse pamwezi, chowerengedwa pa ndalama yoyamba mpaka kumapeto, K15,000 ija ikubala K600 mwezi uliwonse. Chaka chikamatha yamudyera K22,200. Kwa mphunzitsi, imeneyi si ndalama yongoinyalanyaza.

Asanapite kulikonse, atenge pangano lake n'kuona ngati inshuwalansiyo inalembedwa kuti ndi yokakamiza kapena yosankha. Ngati ndi yosankha, nthawi zambiri imachotsedwa polemba kalata basi. Ngati ndi mbali ya malamulo a ngongoleyo, wobwereketsa akhoza kukana, ndipo chotsala ndi kupempha kuti alandire inshuwalansi ya moyo imene mphunzitsiyo ali nayo kale, polembetsa kuti iye akamwalira ngongole ndiyo iyambe kulipidwa. Abale athu amene amatenga katundu pangongole ku South Africa ali ndi lamulo lowateteza pamenepa: gawo 106 la National Credit Act ya 2005 limalola wobwereketsa kufuna inshuwalansi, koma limapatsa wobwereka ufulu wobweretsa yake. Kuyambira 2017 mtengo wake pa ngongole zambiri sufunika kupitirira R4.50 pamwezi pa R1,000 iliyonse yotsala.

Kalatayo ipite kwa wobwereketsa, poti kawirikawiri ndiye anapangana ndi kampani ya inshuwalansi m'malo mwa makasitomala ake onse. Mulembe nambala ya ngongole, tsiku limene mukufuna kuti inshuwalansi ithe, ndi pempho loti akuuzeni dzina la kampaniyo, akuwerengereni ndalama yobwezedwa, komanso akupatseni ndondomeko yatsopano ya kabwezedwe. Mupite ndi makalata awiri, ina aidinde ndi kulembapo tsiku, mubwerere nayo. Mawu apakamwa a wapakauntala sangakuthandizeni mkangano ukabuka.

Pa ndalama yobwezedwa m'pamene anthu amakhumudwa. Mphunzitsi uja akachotsa inshuwalansi patatha miyezi 4, amayembekezera K10,000 ya miyezi 8 yotsala. Koma makampani ena amati miyezi yoyamba ndiyo yodula, popeza ngongole imene ankaiteteza inali idakali yaikulu, ndipo powerengera mwa njira imeneyo amabweza pafupifupi K6,900. Ndalamayo mwina sangamupatsenso m'manja, angoichotsa pa ngongole. Choncho kuchedwa kumaluzitsa, ndipo ndi bwino kufufuza ngati panganolo lili ndi masiku oyambirira amene munthu angasinthe maganizo n'kubwezeredwa yonse. Amene wamaliza ngongole nthawi isanakwane afunsenso za ndalama ya miyezi imene sanaigwiritse ntchito, chifukwa si onse amene amabweza osafunsidwa.

Pa katundu wolipira pang'onopang'ono, muonetsetse kuti ndi inshuwalansi iti. Ina ndi ya moyo wanu, ina ndi ya katunduyo akapsa kapena akabedwa. Firiji imakhalabe ya sitolo mpaka mutamaliza kulipira, motero yachiwiriyi eni sitolo sailekerera msanga, ndipo mukaichotsa, firiji ikapsa mudzalipirabe.

Musayese kudzichotsera nokha polipira ndalama yoperewera. M'mabuku mwawo mudzaoneka ngati wolephera kubweza, adzakulipitsani chindapusa, ndipo dzina lanu likhoza kuipa ku mabungwe osunga mbiri ya obwereka. Pitirizani kulipira yonse mpaka yankho litabwera molemba. Likabwera, yang'anani pepala la malipiro la mwezi wotsatira: ndalama yodulidwa kapena ngongole yotsala iyenera kutsika. Ngati palibe chasintha, bwererani ndi kalata yodindidwa ija. Akakuzengerezani, kuno ku Malawi dandaulo limapita ku Reserve Bank of Malawi, komwe kuli ofesi yoyang'anira mabungwe a zachuma, kapena ku Competition and Fair Trading Commission.

Ine sindingalangize munthu wa ana aang'ono, yemwe alibe inshuwalansi ina iliyonse, kuti aichotse. Akamwalira, ngongole idzadya chuma chamasiye, kapena idzagwera amene anamuikira chikole ndi anzake a m'gulu. Woteroyo ndi bwino aisunge, koma atenge chikalata chake ndi kuuza apabanja pomwe wachiika, kuti tsokalo likagwa asadzapitirize kulipira ngongole imene kampani ya inshuwalansi inayenera kumaliza.