Pepala la pakhoma la kukhitchini: zotsala mumphika tizitani?

Pa misonkhano ya mpingo, pa ukwati wochitikira pabwalo la tchalitchi, ngakhalenso kusukulu zogonera konko, chakudya sichithera m'mbale zokha. Nthawi zonse pamatsala mpunga wa pansi pa poto, nyemba theka la mphika, msuzi wa nyama ndi mitanda ingapo ya nsima. Ophika amakhala atatopa, alendo akutsanzikana, ndipo wina amangovundikira mphika n'kunena kuti tiona madzulo. Matenda ambiri a m'mimba obwera ndi chakudya cha gulu amayambira pamenepa, pakati pa nkhomaliro ndi mgonero.

M'makhitchini ena mumapezeka pepala lolembedwa kuti "Tisunge ukhondo". Ndi mawu abwino, koma sathandiza mayi amene waima ndi chipande m'manja akudzifunsa ngati mpunga wa masana ungapatsidwe kwa ana usiku. Chidziwitso chothandiza chimayankha funso lomwelo: chimatchula nthawi, chimatchula chochita, ndipo chimanena amene ali ndi mawu omaliza.

Chimake cha nkhaniyi ndi kutentha. Tizilombo toyambitsa matenda timaswana kwambiri chakudya chikakhala pakati pa madigiri 5 ndi 60, kunena kwina, chikakhala kuti sichili mufuriji komanso sichikufuka nthunzi. Pofunda bwino, mitundu ina imachulukana kawiri pa mphindi 20 zilizonse, moti kachilombo kamodzi kangathe kufika pa 2 miliyoni m'maola 7. N'chifukwa chake bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti chakudya chophika chisakhale poyera kupitirira maola awiri. Kunja kukatentha kuposa madigiri 32, monga zimakhalira ku Nsanje, Chikwawa kapena Salima mu Okutobala, nthawiyo ichepe kufika pa ola limodzi.

Tiyeni titsatire mphika umodzi. Amayi aphika mpunga wa anthu 200 ndipo auphula 11 koloko m'mawa. Mapemphero atalikirapo, anthu adya cha m'ma 1 koloko. Wotsala wausiya mupoto momwemo, wovundikira, pakona ya khitchini, kuti akwaya adye 7 koloko madzulo. Palibe ntchentche imene yateramo, palibe amene wapisamo dzanja. Nanga vuto lili pati?

Mpunga wosaphika umatha kukhala ndi kachilombo kotchedwa Bacillus cereus kochokera m'dothi. Kachilomboka kamadzitsekera m'chikhungwa cholimba chimene madzi owira sachiswa. Mpunga ukapsa n'kuyamba kuzizira pang'onopang'ono, kamadzuka, n'kuswana, n'kutulutsa poizoni. Poto wamkulu wodzaza amasunga kufunda pakati pake kwa maola ambiri, ndipo chivundikiro chimangowonjezera nthawiyo. Pofika 7 koloko mpunga uja wakhala nthawi yaitali pa kutentha kumene tizilombo timakukonda. Choopsa kwambiri n'chakuti poizoni ameneyu safa ndi moto. Mungathe kuukazinga mpungawo mpaka kupserera, tizilombo tifa, koma poizoni atsala. Odya amayamba nseru ndi kusanza pasanathe maola 6.

Nyama ya msuzi ndi nyemba zili ndi mdani wawo, Clostridium perfringens, amene nayenso amapulumuka pophika ndipo amakonda pansi pa mphika waukulu pomwe mpweya sufika. Iyeyu amachedwerapo: m'mimba mumapota ndi kutsekula patadutsa maola 6 mpaka 24. Ana a sukulu akadzuka m'bandakucha akupikisana kuchimbudzi, anthu amaloza madzi kapena chakudya cha m'mawa, pomwe gwero lake ndi ndiwo zadzulo.

Apa ndipamene ndimatsutsana ndi chizolowezi chathu chonunkhiza. Mphuno imagwira nyemba zosasa ndi nsomba yovunda, koma tizilombo tiwiri tatchulidwati nthawi zambiri sitisintha fungo, maonekedwe kapena kakomedwe. Chakudya chonunkha n'chotaya, inde, koma chosanunkha sichinapambane mayeso alionse. Woweruza ndi wotchi. Ndikudziwa kuti ambiri tinakulira mkute, ndipo kutaya chakudya kumatipweteka mumtima. Koma mkute wa kunyumba ndi mitanda iwiri yozizira msanga, pomwe mphika wa gulu umadyetsa ana aang'ono, amayi oyembekezera, agogo ndi odwala, amene kutsekula m'mimba kumawafooketsa mofulumira.

Tsono pepala lathu linene chiyani? Nali limodzi lokwana pa tsamba, lolembedwa ndi zilembo zazikulu zowerengeka munthu ali pamoto:

ZAKUDYA ZOTSALA
Lembani pabolodi nthawi imene mwaphula mphika uliwonse.
Pasanathe maola awiri chichokereni pamoto, chakudya chidyedwe, chigawidwe kapena chilowe mufuriji. Kukatentha kwambiri, ola limodzi.
Musasunge chakudya mumphika waukulu. Chigaweni m'ziwiya zosazama kuti chizizire msanga.
Mpunga wa mufuriji udyedwe pasanathe tsiku limodzi.
Tenthetsani kamodzi kokha, mukutakasa, mpaka chiwire kapena chifuke nthunzi mpaka pakati.
Zotsala m'mbale za anthu sizibwerera mumphika. Zakale sizisakanizidwa ndi zatsopano.
Nthawi ikadutsa kapena ikaiwalika, tayani. Osalawa.
Wolamula lero: (dzina la mkulu wa khitchini)

Mzere wa ziwiya zosazama ndi umene anthu amaunyozera, komatu ndi wofunika. Chakudya chiyalidwe m'mathireyi kapena m'mabeseni oyera osapitirira masentimita 5 kuzama, pafupifupi kutalika kwa chala chaching'ono. Msuzi mungauziziritse poimika poto m'beseni la madzi ozizira n'kumatakasa. Kukankhira poto wamkulu wotentha mufuriji sikuthandiza: pakati pake pakhalabe pofunda, ndipo atenthetsa zina zonse zimene zili m'menemo. Magetsi akazima, furiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira pafupifupi maola 4 okha, choncho ndi bwino kulembanso pabolodi nthawi imene azimira.

Makhitchini ambiri a mipingo ndi a sukulu zakumudzi alibe furiji n'komwe, ndipo chidziwitso chawo chisanamizire kuti ilipo. Kumeneko mufufute mizere ya furiji, m'malo mwake mulembe njira ziwiri zotheka. Yoyamba ndi kusiya mphika pamakala kuti uzibwadamukabe pang'onopang'ono mpaka nthawi yodya, osati kungofunda paphulusa. Yachiwiri ndi kugawa nthawi yomweyo. Phala la ana likatsala, awonjezereni pomwepo, lisadikire mawa. Amene akutenga chakudya kupita nacho kunyumba auzidwe kuti wotchi inayamba kuwerenga pamene mphika unaphulidwa, osati pamene afika pakhomo. Mpunga wotentha womangidwa m'jumbo n'kuyenda nawo pa minibasi dzuwa likuswa mtengo uli pa ngozi yomweyo ya mupoto uja.

Mzere wa dzina ndawuika dala. Pagulu, kutaya chakudya kumafuna munthu wopatsidwa mphamvu, apo ayi aliyense amaopa kunenedwa kuti ndi wowononga, ndipo mphika umangokhala. Komiti ya sukulu kapena akuluampingo akagwirizana pa dzina, mkulu wa khitchini amataya popanda kukangana ndi munthu. Pepalalo likutidwe ndi pulasitiki chifukwa cha utsi ndi mafuta, likhomedwe pafupi ndi malo opakulira, ndipo pansi pake palembedwe nambala ya foni ya mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo. Anthu awiri kapena kuposerapo akadwala atadya chakudya chimodzi, muyimbireni tsiku lomwelo, odwala ayambe kumwa Thanzi, ndipo wosanza mosalekeza, wotsekula magazi kapena mwana wofooka apite naye kuchipatala osadikira kuti kuche.