Chithunzi Chakale, Nkhani Yatsopano: Mmene Tingachizindikirire

M'mwezi wa Sepitembala chaka cha 2019, azakhali anga anafika kwathu m'mamawa atagwira foni m'manja uku akunjenjemera. Mwana wawo wamwamuna anali ku Joni, ndipo masiku amenewo kunali zipolowe zolimbana ndi anthu obwera. Pa gulu lina la WhatsApp panali patafika chithunzi cha munthu atagwada pansi, thupi lonse likuyaka moto, apolisi ataima chapafupi. Pansi pake panalembedwa kuti: "Izi zachitika dzulo ku Joni. Abale athu akutha. Tumizani kwa onse." Foni ya msuweni wangayo sinkapezeka, choncho azakhali anali atayamba kale kulira maliro. M'nkhani ino ndifotokoza mmene ndinadziwira kuti chithunzicho chinali chakale, chifukwa njira yomweyo imathandiza pa zithunzi za ngozi, zionetsero ndi madzi osefukira.

Poyamba tiyenera kumvetsa kuti chithunzi chotere nthawi zambiri sichikhala chopeka. Munthuyo anapsadi ndipo wojambula anajambuladi. Bodza limakhala m'mawu omwe achiphatikiza nawo. N'chifukwa chake kuyang'anitsitsa ngati chithunzi chinasinthidwa pa kompyuta sikuthandiza kwenikweni. Funso loyenera ndi lakuti: kodi chinajambulidwa liti, ndipo kuti?

Ife ophunzira zilankhulo tili ndi poyambira pabwino, ndipo ndi pa mawu enieniwo. Mawu monga "dzulo", "lero", "kuno" ndi "pompano" alibe tanthauzo lokhazikika. Amadalira yemwe akulankhula ndi nthawi imene akulankhulira. "Dzulo" lolembedwa mu 2008 limakhalabe "dzulo" kwa munthu wowerenga mu 2019. Uthenga wa azakhali unalibe tsiku, unalibe dzina la dera, unalibenso dzina la wojambula. "Joni" kwa ife ndi dziko lonse la South Africa, kuchokera ku Musina mpaka ku Cape Town. Mtolankhani weniweni akadatchula komboni yake ndi tsiku lake. M'malo mwa zimenezi, uthengawo unali ndi lamulo lakuti "tumizani". Zizindikiro izi sizitsimikiza kuti nkhani ndi yabodza, koma zimatiuza kuti tidekhe kaye.

Chachiwiri ndi kufufuza pogwiritsa ntchito chithunzi chenichenicho m'malo mwa mawu. Ndinasunga chithunzicho m'foni, ndinatsegula tsamba la TinEye, n'kuchilowetsa pamenepo. Tsambali limafananiza chithunzi ndi zina zimene linaziona kale pa intaneti, ndipo limaonetsa malo amene zinapezeka. Kenaka ndinasankha kuti zotsatira zisanjidwe kuyambira zakale kwambiri, posankha pamene palembedwa `Oldest`. Apa ndiye pagona nkhani, chifukwa mukasiya mmene zabwerera mukhoza kungoona masamba atsopano omwe akubwereza bodza lomwelo, inu n'kuganiza kuti mwapeza umboni. Masiku ano Google Lens imagwiranso ntchito yofanana, ndipo ndi bwino kuyesa zonse ziwiri popeza chimene china chaphonya china chimatha kuchipeza.

Zotsatira zinandionetsa kuti chithunzicho chinali pa intaneti zaka zambiri 2019 isanafike. Nditatsegula masamba a nyuzipepala omwe anachisindikiza, ndinapeza dzina ndi malo. Munthuyo anali Ernesto Nhamuave wa ku Mozambique, yemwe anawotchedwa m'mwezi wa Meyi 2008 mu komboni ya Ramaphosa, kum'mawa kwa Johannesburg, pa zipolowe zomwe zinapha anthu 62. Chithunzi sichingajambulidwe "dzulo" pamene nyuzipepala zinachisindikiza zaka 11 m'mbuyomo. Mfundo imodzi yomweyi inali yokwanira kugwetsa uthenga wonse.

Si chithunzi chokhachi chimene chaukitsidwapo motere. Mu Julaye 2010, galimoto yonyamula mafuta inagubuduzika n'kuphulika m'tauni ya Sange, kum'mawa kwa Democratic Republic of Congo, ndipo anthu oposa 200 anafa. Chithunzi cha mitembo yopserera itandandalikidwa pansi chinadzafalitsidwanso mu Januwale 2015 ngati cha anthu ophedwa ndi gulu la Boko Haram ku Baga, m'dziko la Nigeria. Nayonso kanema ya nyumba yosanja ikuyaka, anthu akudumpha kuchokera pamwamba, yomwe inayenda mu Sepitembala 2019 ngati ya ku South Africa, inali ya moto wa mu Meyi chaka chomwecho mumzinda wa Surat ku India. Onani kuti ku Baga anthu anaphedwadi, ndipo ku South Africa mu 2019 kunafadi anthu pafupifupi 12. Chithunzi chakale chimakwera pamsana pa tsoka lenileni, pa nthawi imene anthu ali ndi njala ya nkhani koma zithunzi zenizeni sizinafike.

Njira ya kufufuzayi ili ndi malire ake. Tsiku limene TinEye imaonetsa ndi limene makina ake anakumana ndi chithunzicho koyamba, osati limene chinajambulidwa. Limangotiuza kuti chithunzi chinalipo kale pofika tsikulo. Chikhoza kukhala chakale kuposa pamenepo. Komanso mukapanda kupeza kanthu, musafulumire kunena kuti chithunzicho ndi chatsopano. Makinawa saona zimene anthu amatumizirana pa WhatsApp, ndipo amasokonezeka ngati chithunzi chadulidwa m'mbali, chatembenuzidwa kumanja kukhala kumanzere, kapena chalembedwa mawu pamwamba. Zikatero, dulani mbali ya mawuyo, mufufuzenso ndi gawo lodziwika bwino monga nyumba kapena galimoto. Ngati ndi kanema, imitsani pamalo awiri kapena atatu ooneka bwino, mujambule zomwe zili pa sikirini, ndipo mufufuze chilichonse pachokha. Tsiku limene foni yanu imaonetsa musalidalire, pakuti ndi tsiku limene munalandira. WhatsApp imachotsa zolembedwa zobisika za tsiku ndi malo zimene kamera imaika m'chithunzi.

Makina akalephera, maso ndiwo amatsala. Werengani zikwangwani ndipo muone chilankhulo chake. Onani nambala za galimoto ndi mbali imene zikuyenda: kuno kwathu, ku Zambia ndi ku South Africa zimayenda kumanzere, pamene ku Congo ndi ku Nigeria zimayenda kumanja. Onaninso nyengo. Chithunzi chimene akuti ndi cha ngozi ya ku Balaka mu Okutobala, koma m'mbali mwa msewu muli chimanga chobiriwira chofika m'chiuno ndi udzu wautali, chikutsutsana ndi mawu ake, pokhapokha ngati ndi kudimba. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nditawaonetsa azakhali tsamba la nyuzipepala yakale ija, anandifunsa kuti, "Ndiye kuti kulibe nkhondo?" Ndinawayankha kuti, "Ayi azakhali, zipolowe ziliko, koma munthu mukumuonayu si mwana wanu, ndipo si wadzulo." Kusiyanitsa kumeneku n'kofunika, chifukwa kupeza kuti chithunzi ndi chakale sikutanthauza kuti tsokalo kulibe. Msuweni wanga anaimba madzulo a tsiku lomwelo. Anali atabisala kwa mnzake ndipo foni inali itatha moto. Pa gulu lija ndinalembapo dzina la Ernesto Nhamuave ndi chaka cha 2008. Iyenso anali ndi abale ake ku Mozambique, ndipo imfa yake siyenera kubwerekedwa chaka ndi chaka ngati ya munthu wopanda dzina.