Nyumba poyamba, kuwala pambuyo: kayalidwe ka mawu popangitsa chithunzi pa kompyuta

Kuyambira mu 2022, pamene mapulogalamu monga Midjourney ndi Stable Diffusion anafika m'manja mwa anthu wamba, ojambula mapulani a nyumba anapeza njira yachidule yoonetsera kasitomala nyumba yake isanamangidwe. Munthu amangolemba mawu ofotokoza zomwe akufuna, makinawo n'kutulutsa chithunzi. Koma anthu awiri akhoza kulemba mawu omwewo, wina n'kupeza nyumba yooneka bwino, wina n'kupeza chifunga chokhachokha. Kawirikawiri amasiyana pa kayalidwe ka mawuwo.

Ndondomeko yosavuta imayamba ndi chinthu chenichenicho, kenako zipangizo zomangira, kuwala, pomwe paima kamera, ndipo pomaliza mzimu wa chithunzicho, kaya ndi bata kapena chisangalalo.

Tiyerekeze kuti wojambula akufuna nyumba yopanda chipinda chapamwamba, ya njerwa zootcha, yofolera malata, yokhala ndi khonde lalikulu. Mapulogalamu ambiriwa amamva bwino Chingerezi, choncho akhoza kulemba motere:

```
single-storey house with deep veranda,
red burnt brick walls, grey corrugated iron roof,
low afternoon sun from the left, long shadows,
eye level, 24mm lens,
calm
```

Mzere woyamba ukutchula nyumba ndi khonde lake, wachiwiri njerwa zofiira ndi malata otuwa. Wachitatu ukuti dzuwa lapendeka ndipo likuwomba kuchokera kumanzere, zomwe zimaonetsa mizere ya malata ndi kukhakhala kwa njerwa. Dzuwa la paliwombo silingachite zimenezi, chifukwa limasiya khoma lili see, khonde lili bii. Wachinayi ukuimika kamera pa msinkhu wa maso a munthu, ndi galasi la 24mm lomwe limaona patali m'mbali kotero kuti nyumba yonse ilowa m'chithunzi. La 50mm likanaona malo ochepa. Bata latsalira kumapeto, ndipo ndi liwu limodzi lokha.

Chifukwa choyamba choyalira chonchi chili m'kati mwa makinawo. Stable Diffusion yoyambirira imawerenga mawu kudzera m'chipangizo chotchedwa CLIP, chomwe kampani ya OpenAI inatulutsa mu 2021. Chipangizochi chimaduladula mawu m'tizidutswa totchedwa matokeni, ndipo chimalandira 77 okha nthawi imodzi. Liwu lodziwika limakhala tokeni imodzi, lachilendo limadulidwa kangapo, ndipo ngakhale koma amawerengedwa. M'mapulogalamu ena, zonse zopitirira malirewo zimangotayidwa. Amene wayamba ndi mizere isanu yotamanda kukongola kwa chithunzi akhoza kupeza kuti malata ake makina sanawawerenge n'komwe.

Ngakhale malire asanakwane, ogwiritsa ntchito anaona kuti mawu oyambirira amakoka chithunzi mwamphamvu kuposa akumapeto. Wina akayamba ndi `dreamy, golden, cinematic` n'kutchula nyumba pambuyo, kawirikawiri chithunzi chonse chimadzaza kuwala kwachikasu, khonde n'kuchepa kapena kusowa. Chithunzi choterocho chimakongola ndithu, koma mmisiri sangachigwiritse ntchito, ndipo kasitomala angafunse kuti khonde lake lapita kuti.

Pali vuto linanso lomwe limazunguza oyamba kumene: mitundu imadumpha. Munthu akalemba njerwa koyambirira, liwu loti `red` n'kuliponya kumapeto, makina sadziwa bwino kuti kufiirako n'kwa chiyani, ndiye amafiiritsa denga, chitseko, mwina ndi dothi lapabwalo. N'chifukwa chake zipangizo zimabwera motsatana ndi nyumbayo, ndipo mtundu uliwonse umagundana ndi chinthu chake. Izi zimachepetsa vutoli ngakhale kuti sizilithetseratu.

Phindu lalikulu limaoneka pokonza. Chithunzi chikatuluka chakuda kwambiri, wojambula amadziwa kuti vuto lili pa mzere wachitatu. Nyumba ikaoneka ngati yajambulidwa kuchokera m'ndege, amapita pa wachinayi. Amasintha mzere umodzi wokha n'kusunga nambala ya `seed`, yomwe imasankha poyambira chithunzi, kuti aone chomwe kusinthako kwachita. Akasintha zinthu zitatu pamodzi, sangadziwe chomwe chathandiza.

Ndondomekoyi si yosasinthika ayi. Mapulogalamu atsopano monga Flux amawerenga ziganizo zazitali. Komanso wopanga chikuto cha buku, yemwe akufuna mdima wa mvula kuposa nyumbayo, amachita bwino kuyamba ndi mitambo. Zolamula za pulogalamu zili ndi malo akeake: mu Midjourney, `--ar 16:9`, yomwe imapangitsa chithunzi kukhala chotambalala ngati cha pa wailesi yakanema, imalembedwa pambuyo pa mawu onse.