Tsamba limodzi lomwe bwana adzawerenge

Lipoti lingathe kukhala la masamba 40, koma bwana wamkulu amangowerenga tsamba loyamba, la chidule, basi n'kusaina. Tsamba limenelo, kawirikawiri lolembedwa pomalizira, liyenera kuima palokha.

Tiyerekeze kuti lipotilo likunena za galimoto zakale za kampani. Olemba ambiri amayamba ndi mbiri ya kafukufuku wawo, zomwe bwana sanafunse n'komwe. Yambani ndi chimene mukufuna kuti avomereze: galimoto zitatu zigulitsidwe chifukwa ndalama zozikonzera pachaka zaposa zobwerekera zina. Kenako tchulani ndalamazo, tsiku lomaliza loti asankhe, ndi zomwe zidzachitike akazengereza.

Pomwe ambiri amagwa m'pa nkhani zoipa. Ngati patsamba 31 munalemba kuti mtengo wobwerekerawo ndi wa kampani imodzi yokha, zimenezo zionekenso m'chidule. Mukazibisa, bwana adzazimvera kwa wina pamsonkhano wa bodi, ndipo kuyambira pamenepo azidzafuna masamba onse 40. Nambala iliyonse ifanane ndendende ndi ya m'lipoti, ndipo musaikemo mfundo yomwe m'lipotimo mulibe.

Musanapereke, pemphani mnzanu amene sanaone lipotilo awerenge chidulecho, akuuzeni chimene bwana akupemphedwa kuchita.